Tsamba limodzi la pa foni, maphunziro awiri a mafulakishoni

Ndimaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale ya kumudzi, ndipo kwa zaka zingapo tsopano ahedi akhala akundipatsa udindo woyang'anira aphunzitsi ochokera ku koleji amene amabwera kudzayeserera ntchito. Nkhani iyi ndi ya mmodzi wa iwo, wachinyamata, amene tinawapatsa masamu a Sitandade 5 mu teremu yachiwiri. M'kaundula wa kalasi yawo munali mayina 93, koma masiku ambiri kunkabwera ana pafupifupi 84. Phunziro limodzi m'kalasi imeneyi ndi mphindi 35.

Pa sikimu, sabata imeneyo inali ya mafulakishoni ofanana kukula, amene m'kalasi timawatcha maikwivalenti. Mabuku a ophunzira amene tinali nawo anali ochepa, ndipo masamba a mutu umenewu anali atathothoka kale. Buku la mphunzitsi silinkapezeka. Aphunzitsiwo anachita zimene ambiri tikuchita masiku ano: anapempha mnzawo wa pa sukulu ina kuti ajambule tsambalo ndi foni ndi kuwatumizira pa WhatsApp. Lolemba madzulo anandibweretsera chikonzekero chawo kuti ndichione ndisanasayine, foni ili m'manja.

Tsambalo linali lotere. Pamwamba panali chithunzi cha mabokosi ataliatali anayi osanjikizana: loyamba lathunthu, lachiwiri logawidwa pawiri, lachitatu panayi, lachinayi pasanu ndi patatu. Pansi pake panali chitsanzo chakuti 1/2 = 2/4 = 4/8. Kenako chitsanzo chachiwiri chinkaonetsa lamulo lochulukitsa nambala ya pamwamba ndi ya pansi ndi nambala imodzimodzi, kuti 2/3 isanduke 4/6. Kumapeto kunali ntchito ya mafunso asanu ndi limodzi odzaza nambala yosowa.

Chikonzekero chawo chinali chaukhondo, zigawo zonse zilimo, ndipo zinkaoneka kuti achikhalira pansi. Chinalembedwa m'Chingerezi monga mwa nthawi zonse m'kalasi imeneyi, koma ndichinena m'Chichewa. Pa zizindikiro za kakhonzedwe analemba kuti ophunzira adziwe mafulakishoni ofanana kukula, ndiponso amvetse kapezedwe kake. Pa ntchito ya mphunzitsi analemba kuti ajambula chithunzi pa bolodi, afotokoza chitsanzo choyamba, afotokoza chachiwiri, apereka ntchito. Pa ntchito ya ophunzira panali kumvetsera, kukopera ndi kuyankha. Kunena mwachidule, anali atalikopera tsambalo kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kuliika m'mizere ya chikonzekero.

Sindinawauze kuti chalakwika. Ndinawafunsa funso limodzi: “Aphunzitsi, mafunso asanu ndi limodziwa mwawayankha nokha?” Anati ndi osavuta, sanaone chifukwa. Ndinawapatsa pepala kuti tiwayankhe limodzi, ndipo pa funso lililonse tilembe pambali chimene mwana ayenera kuchita m'mutu mwake kuti alikhonze. Ine ndimayambira pamenepa nthawi zonse ndikakhala ndi tsamba lokha popanda buku la mphunzitsi. Ntchito ya pansi pa tsamba ndiyo imaulula zimene wolemba buku ankafuna kuti mwana athe kuchita. Ukayamba ndi mutu wa pamwamba umangopeza mawu. Ukayamba ndi mafunso umapeza luso.

Mafunso atatu oyamba anali 1/2 = ?/4, 1/4 = ?/8 ndi 3/4 = ?/8. Onsewa mwana angawayankhe pongoyang'ana chithunzi, osadziwa lamulo lililonse. Lachinayi ndi lachisanu anali 2/3 = ?/6 ndi 1/3 = ?/9. Pa chithunzi panalibe magawo atatu, asanu ndi limodzi kapena asanu ndi anayi, kotero awa ankafuna lamulo lochulukitsa. Lachisanu ndi chimodzi ndilo linatiimitsa. Pa foni linkaoneka ngati 6/6 = 3/?. Aphunzitsiwo anali atalikopera chomwecho m'chikonzekero, ndipo yankho lake likanakhala 3. Funsolo n'lotheka ndithu, koma silinkagwirizana ndi anzake. Titakulitsa chithunzi tinaona kuti wojambula anayatsa tochi ya foni, ndipo kuwala kunagwera pakona yomweyo n'kudya mbali ya nambala. Tinamuimbira, anatsegula buku n'kuwerenga: linali 6/8 = 3/?. Yankho ndi 4, ndipo limafuna kugawa, luso limene pa tsambali panalibe chitsanzo chake ngakhale chimodzi.

Tili pa foni pomwepo ndinamufunsa zimene zili pa tsamba la m'mbuyo ndi la kutsogolo. La m'mbuyo linali la kutchula mafulakishoni kuchokera pa zithunzi zodetsedwa. La kutsogolo linali la kuchepetsa mafulakishoni. Apa tinazindikira kuti funso lomaliza lija linali lokonzekeretsa ana phunziro lotsatira, osati loyesa zimene aphunzira tsikulo. Chithunzi cha tsamba limodzi chimabisa zimenezi. Sudziwa kuti uli pachiyambi pa mutu, pakati kapena kumapeto, ndipo n'zosavuta kuyesa ana chinthu chimene sunawaphunzitse, kenako n'kumadandaula kuti sagwira.

Panalinso vuto lina pa chithunzicho limene poyamba sindinalione ngakhale ine. Buku linajambulidwa lili chotsegula pa tebulo, ndipo pafupi ndi msana wake pepala linali lopindika. Chifukwa cha zimenezi timabokosi ta kumanzere tinkaoneka tating'ono kuposa ta kumanja. Pa phunziro lina lililonse izi sizikanakhala kanthu. Pa mafulakishoni n'zoopsa, chifukwa mfundo yonse yagona pa kufanana kwa magawo. Aphunzitsiwo akanayendetsa foniyo m'magulu monga ankaganizira, kapena akanajambula pa bolodi motsatira zimene maso akuona, ana akanaona magawo anayi osafanana akutchedwa makota.

Tsopano tinali ndi maluso atatu pa tsamba limodzi: kupeza fulakishoni yofanana poyerekeza magawo ooneka, kuipeza pochulukitsa, ndi kuipeza pogawa. Mphindi 35 sizinganyamule zonsezi m'kalasi ya ana opitirira 80. Koma tisanaganize pogawira, ndinafuna kudziwa pamene anawo ali. Tsamba silidziwa ana ako. Tinagwirizana kuti Lachiwiri aphunzitsiwo amalize za mutu wa m'mbuyo, ndipo mphindi zisanu zomaliza afunse mafunso awiri pa bolodi, ana ayankhe pa kapepala. Loyamba: chachikulu n'chiti pakati pa 1/4 ndi 1/8? Lachiwiri linali bokosi logawidwa pawiri mosafanana, mbali yaikulu yodetsedwa, ndi funso lakuti kodi ili ndi theka?

Tsikulo kunali ana 79. Pa funso loyamba, 50 anasankha 1/8. Chifukwa chake sichinali chovuta kuchipeza. Kuyambira Sitandade 1 mwana amadziwa kuti 8 ndi wamkulu kuposa 4, ndipo palibe chamuuza kuti pansi pa mzere nkhani imatembenuka. Pa funso lachiwiri, pafupifupi theka la kalasi linavomera kuti ndi theka. Izinso n'zomveka, chifukwa kunyumba timanena kuti “ndipatse theka lalikululo” tikamanyema chinangwa. M'chilankhulo cha tsiku ndi tsiku theka ndi chidutswa chimodzi mwa ziwiri, kaya n'zofanana kaya ayi.

Aphunzitsiwo anakhumudwa poona timapepalato. Anati, “Madamu, ndiye kuti tibwerere kumayambiriro?” Ndinakana. Kubwereza mutu wonse kukanatidyera sabata, ndipo ana akanamvanso mawu omwewo amene sanawathandize poyamba. Chofunika chinali ntchito imodzi yokonza maganizo awiri olakwikawo kwinaku ikulowetsa ana m'phunziro latsopano. Kupinda mapepala kumachita zimenezo. Mwana akapinda pepala pakati, nsonga ndi nsonga zitakumana, magawo amafanana okha. Akapindanso, amaona ndi maso kuti magawo achuluka koma achepa kukula.

Tinaligawa tsambalo pawiri. Phunziro la Lachitatu linatenga chithunzi, chitsanzo choyamba ndi mafunso atatu oyamba. La Lachinayi linatenga lamulo lochulukitsa ndi mafunso awiri otsatira. Funso lomaliza tinalisunga kuti lidzatsegule phunziro la kuchepetsa.

Kenako tinalembanso zizindikiro za kakhonzedwe. Ndinawafunsa kuti belu likalira, adzaona chiyani m'kope mwa mwana kapena m'manja mwake chosonyeza kuti “wamvetsa”. Anaganiza kwa kanthawi n'kuvomera kuti kumvetsa sikuoneka. Tinalemba ziwiri zokha. Choyamba, ophunzira apinde malamba a pepala ofanana kutalika kukhala magawo awiri, anayi ndi asanu ndi atatu ofanana, n'kulemba dzina la gawo lililonse. Chachiwiri, ophunzira alembe mafulakishoni awiriawiri ofanana kukula, osachepera atatu, poyerekeza malambawo. Iwo anafuna kuwonjezera chachitatu cha kutanthauzira mawu akuti ikwivalenti. Ndinawapempha kuti tichisiye, chifukwa chizindikiro chilichonse chimafuna ntchito yake ndi funso lake loyesera, ndipo nthawi inali itatha kale. Mawuwo analowa m'mathero, ana atagwira kale chinthucho m'manja.

Zipangizo tinaziwerengera bwinobwino, chifukwa kulemba kuti “mapepala” m'chikonzekero sikukwanira. Ana 84 ndi magulu 42 a awiriawiri. Gulu lililonse linkafuna malamba atatu, onse pamodzi 126. Pepala la A4 ndi masentimita 21 m'lifupi ndi 29.7 m'litali. Ukalidula mopingasa, lamba aliyense masentimita atatu, umapeza malamba asanu ndi anayi, aliyense wotalika masentimita 21. Choncho tinafuna mapepala 14, ndipo tinawatenga pa mulu wa mayeso akale amene kumbuyo kwake kunali koyera. Tinawadula madzulo ndi lumo ndi lula, n'kuwamanga atatuatatu. Pa bolodi aphunzitsiwo anajambula mabokosi aja m'mawa ana asanalowe, otalika masentimita 80 kuti agawike bwino: 40, 20 ndi 10.

Nthawi tinaigawa motere. Mphindi zisanu za chiyambi, kubwereza funso la dzulo la 1/4 ndi 1/8 popanda kupereka yankho, kungowauza ana kuti pepala ndilo liweruze. Mphindi 12 za kupinda ndi kulemba mayina. Mphindi zisanu ndi zitatu za kusanjikiza malamba ndi kufufuza pamene mizere yopindidwa ikukumana. Mphindi zisanu ndi ziwiri za mafunso atatu m'makope, ndi zitatu za mathero. Tinalembanso m'chikonzekero mafunso enieni oti afunse, mawu ake onse, chifukwa mphunzitsi watsopano akaima pamaso pa gulu lalikulu mafunso amathawa m'mutu. Limodzi mwa iwo linali lakuti, musanatambasule pepala, mukuganiza kuti mupeza magawo angati?

Lachitatu ndinakhala kumbuyo kwa kalasi. Kunabwera ana 88, ndipo apa pali kulakwa kwanga: sindinaganize zodula malamba apadera. Aphunzitsiwo anaika ana anayi owonjezerawo m'magulu a anzawo, ndipo zinayenda. Kupinda koyamba ndi kwachiwiri kunali kosavuta. Pa kwachitatu, funso lija linagwira ntchito kuposa mmene tinkayembekezera. Pafupifupi kalasi yonse inafuula kuti magawo akhala asanu ndi limodzi, poti anali atawerenga 2, 4, ndiye chotsatira n'chodziwikiratu. Atatambasula n'kuwerenga asanu ndi atatu, m'kalasi munamveka phokoso la kudabwa. Mnyamata wina anapindanso lake kuti aone ngati walakwitsa. Aphunzitsiwo anachita bwino kusathamangira. Anafunsa chifukwa chake, ndipo mtsikana wina anati gawo lililonse ladulidwa pawiri. Mawu amenewo tinadzawagwiritsa ntchito mawa lake.

Vuto linabuka pa kusanjikiza. Magulu ena anali atawononga lamba mmodzi, wina wong'ambika, wina wopindidwa mokhota. Posowa apadera, aphunzitsiwo anathothola tsamba m'kope mwawo n'kung'amba malamba mwachangu. Sanaone kuti tsamba la kope ndi lofupikirapo. Patapita kanthawi mtsikana wina wa pafupi ndi ine anakweza dzanja n'kunena kuti, “Sala, zathu zikukana. Theka lathu lapitirira makota awiri.” Anali kunena zoona. Theka lake linali pa lamba wa masentimita 21, makota ake pa lamba wamfupi.

Ndinaona aphunzitsiwo akuyang'ana kwa ine. Sindinadzuke. Anatenga malamba awiriwo, anawayang'ana, anawasanjikiza osapinda, ndipo nkhope inamasuka. Anawakweza m'mwamba kuti kalasi yonse ione, n'kufunsa kuti n'chifukwa chiyani gulu ili lapeza zosiyana ndi ena. Panapita kanthawi, mpaka mwana wina anati mapepalawo si ofanana. Aphunzitsiwo anafunsanso: theka la nzimbe yaitali ndi theka la nzimbe yaifupi, n'chimodzimodzi? Onse anakana mwamphamvu. Mfundo yakuti mafulakishoni amayerekezedwa pa chinthu chathunthu chofanana inalibe malo m'chikonzekero chathu, ndipo pa tsamba lija sinalembedwe, poti mabokosi a m'buku amakhala ofanana kale ndipo palibe amene amafunsa. Inatidyera mphindi zinayi, ndipo ndikanakhala ine ndikanaziperekanso.

Zotsatira zake, ntchito ya m'makope inafupika. Ana ambiri anayankha mafunso awiri, ena atatu. Titachonga masana, tinapeza kuti 1/2 = 2/4 anakhonza pafupifupi onse, ndipo 1/4 = 2/8 anakhonza 66 mwa 88. Koma mwa amene analakwa, ambiri analemba yankho limodzimodzi: 5. Pa funso lachitatu, 3/4 = ?/8, omwewo analemba 7. Aphunzitsiwo poyamba anati ndi kukoperana. Ndinawapempha kuti tione bwino. Kuchoka pa 4 kufika pa 8 ndi kuwonjezera 4. Mwana anawonjezera 4 pansi, n'kuwonjezeranso 4 pamwamba: 1 ndi 4 ndi 5, 3 ndi 4 ndi 7. Ana amenewa anasiya malamba pambali atangotsegula kope, n'kupanga lamulo lawo. Yankho lolakwa likabwerezedwa ndi ana okhala m'makona osiyana a kalasi, si kubera, ndi njira, ndipo uyenera kuifufuza usanalowenso m'kalasi.

Izi zinasintha chikonzekero cha Lachinayi. Tinkafuna kuyamba ndi chitsanzo cha m'buku cha 2/3. M'malo mwake tinayamba ndi kulemba pa bolodi mayankho awiri, 1/4 = 2/8 ndi 1/4 = 5/8, osatchula mwini, ndipo ana anatulutsa malamba a dzulo kuti aweruze. Ataika kota imodzi pamwamba pa magawo asanu mwa asanu ndi atatu, nkhani inatha yokha, chifukwa 5/8 inapitirira ngakhale theka. Kenako aphunzitsiwo anabweza mawu a mtsikana uja, akuti gawo lililonse ladulidwa pawiri. Ngati magawo onse adulidwa pawiri, odetsedwa aja nawonso adulidwa pawiri. Anayi asanduka asanu ndi atatu, limodzi lasanduka awiri. Lamulo lochulukitsa linatuluka pamenepo, ndipo analilemba pa bolodi ana atalinena kale m'mawu awo.

Magawo atatu sitinawasiye kuti ana apinde okha. Kupinda pepala patatu mofanana n'kovuta kwa mwana, ndipo magawo okhota akanabweza chisokonezo cha theka lalikulu lija. Mwayi wake, 21 amagawika bwino ndi 3. Tinaika timadontho pa masentimita 7 ndi 14 tisanagawe malamba, ndipo ana anangopinda pa madonthopo, kenako, asanatambasule lambayo, n'kumupindanso pakati kuti apeze magawo asanu ndi limodzi. Ulendo uno tinadula malamba 20 apadera. Funso la 1/3 = ?/9 tinalisiya dala lopanda pepala, kuti tione amene angayende ndi lamulo lokha.

Tsikulo kunali ana 85. Funso la 2/3 = 4/6 anakhonza 71. La 1/3 = 3/9 anakhonza 58, ndipo 11 analemba 7, kusonyeza kuti kuwonjezera kuja sikunachoke mwa onse. Ena ochepa analemba 2, poganiza kuti nthawi zonse timachulukitsa ndi 2, ndipo apa ndinaona kufooka kwa njira yathu yomwe. Zitsanzo zonse zimene ana anagwira m'manja zinali za kupinda pawiri. Tikanaika chimodzi cha kudula gawo lililonse patatu, ngakhale pa bolodi pokha, ena mwa iwo sakanagwa. Aphunzitsiwo analemba zimenezi mu ndamanga ya phunziro ndi dzanja lawo, pamodzi ndi mayina a ana 11 aja, ndipo Lachisanu anakhala nawo pansi pa mtengo kwa mphindi khumi pa nthawi yopuma, malamba ali m'manja. Asanu ndi awiri anakhonza funso latsopano la 2/5 = ?/15. Anayi tinapitiriza kuwatsatira sabata yotsatira.

Kwa anzanga amene mumalandira masamba pa foni, pali zinthu zochepa zimene ndasintha kuchokera pa nkhani imeneyi. Ndikapempha tsamba, ndimapempha atatu: lomwelo, la m'mbuyo ndi la kutsogolo. Ndimapempha kuti ajambulire panja pa mthunzi, tochi yozimitsa, buku atalipanikiza kuti ligone, foni ili pamwamba penipeni osati chammbali. Nambala iliyonse yokayikitsa ndimaifunsa pakamwa. Ndipo sindisayinanso chikonzekero cha masamu ngati mayankho a ntchito sanalembedwe kumbuyo kwake, chifukwa 6/6 uja akanalowa m'makope 88 tikanapanda kukhala pansi ndi pensulo.

Lolemba lotsatira aphunzitsiwo anabwera ndi chikonzekero cha kuchepetsa mafulakishoni. Pa foni panali zithunzi zitatu. Kumbuyo kwa pepala anali atayankha mafunso onse, ndipo pambali pa awiri analemba yankho lolakwa limene ankayembekezera kwa ana. Chiyambi chawo chinali funso lija tinasunga, 6/8 = 3/?, ndipo pa zipangizo analemba kuti ana abwere ndi malamba awo a sabata yatha. Ndinawafunsa za amene ataya awo. Anatsegula chikwama n'kundionetsa mtolo wa malamba odulidwa kale, womangidwa ndi luzi.